Monita ya a Malume

A malume aimba m'bandi imodzi zaka khumi ndi zisanu, koma kwa miyezi itatu anthu ankanong'ona kuti mawu awathera. Pakati pa nyimbo ankasochera, n'kumakuwa ngati akuitana munthu kutsidya kwa msewu. Mwini bandi, woimba gitala amene timamutcha Chipewa chifukwa sachivula ngakhale pakudya, anawauza mosapsatira kuti akalakwitsanso Loweruka masana, akapume kunyumba.

Tsikulo wosakaniza mawu wa bandiyo anadwala, ndiye anaitana ine, poti ndi ntchito yanga. Ndinafika m'holo mipando isanayalidwe.

Mikisa yawo, makina osakanizira mawu, inali ya digito, yogulidwa miyezi itatu yapitayo. Nyimbo iliyonse inali ndi sini yake: ukadina, zonse zimabwerera mmene zinasungidwira. Poyeserera, a malume akuimba, ndinatsitsa pang'ono feda yawo, kabatani kotsetsereka kokweza mawu m'masipika a anthu. Pompo anaweramira ku monita, sipika yapansi imene woimba amadzimveramo.

"Mphwanga, ndazimiririka! Sindikudzimva!"

Ndinayang'ana pa sikirini, ndipo ndinapsa mtima. Mawu awo ankapita ku monita atadutsa kaye pa feda. Wosakaniza mawu wodwala uja akawatsitsa m'holo, ankawatsitsanso m'makutu mwawo. Iwo n'kukuwa, iye n'kutsitsanso. Miyezi itatu munthu wamkulu akunyozedwa chifukwa cha zimenezi!

Ndinasintha kuti monita izitenga mawu asanafike pa feda, n'kuchepetsamo gitala ya Chipewa imene inadzaza monsemo. Kenako ndinaitchinga monitayo kuti sini iliyonse isaikhudze, chifukwa kupanda kutero, kudina kamodzi kukanabweza vuto lomwe lija. Maikolofoni onse a ng'oma ndinawaika pa gulupu imodzi yoyendera feda imodzi, oimba othandizira pa ina, kuti chala chimodzi chizikwanira.

"Tayesaninso, a malume."

Anaimba mzere umodzi, n'kuima. "Ameneyu ndine?"

"Ndinu. Lero musakuwe, ntchito yokweza ndi yanga."

Holo inadzaza. Nyimbo yachitatu ndi imene inkawagwetsa nthawi zonse. Ndinadina sini yake. Woimba ng'oma anatentheka monga mwa masiku onse, ine n'kutsitsa gulupu yake pang'ono. A malume anatsinzina, n'kulowa motsitsa, mosathamanga. Atafika pokweza mawu pamene ankasocherapo sanagwedezeke, anakhalapo mpaka mpweya kutha. Anthu anaimirira, ine misozi ili m'maso, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Titamaliza, Chipewa anabwera ku mikisa, a malume ali pambuyo pake.

"Achikulirewa mwawamwetsa chiyani?"

"Palibe. Mawu anali nawo, kungoti simunkawapatsa mpata woti adzimve."

Ndinamusonyeza pa sikirini. Anayang'ana nthawi yaitali, akukanda chibwano. Kenako anatembenukira kwa a malume.

"Akulu, ndinakulakwirani. Loweruka likubwerali mutsegule ndinu."

Ananena mawu amenewa chipewa chili m'manja. Ndi tsiku limene bandi yonse inadziwa kuti ali ndi dazi.