Sekondi Imodzi ya Namzeze

Ntchito yanga pa mpikisano wa njinga ndi yowerengera nthawi. Ndimakhala m'kachipinda kamalata pambali pa mzere womalizira, ndi kompyuta, kamera ndi wailesi yolankhulirana ndi oweruza. Othamangawo ndimawadziwa ndi manambala. Nkhope zawo sindiziona kawirikawiri.

Tsiku lomaliza la mpikisano wa sabata yonse, malaya achikasu a wotsogola anali ndi mnyamata wina wa nambala 41 amene ankamutcha Namzeze. Nthawi za masiku onse titaziphatikiza, ankaposa Mtali, mnzake wa timu ina, ndi masekondi asanu ndi anayi. Pa kampikisano ka liwiro ka pakati pa njira Mtali anakhala woyamba, tinamuchotsera masekondi atatu a bonasi. Namzeze anali wachitatu, tinamuchotsera imodzi. Mpata unatsala asanu ndi awiri.

Kutatsala makilomita awiri, wailesi inalira. "Wagwa! Nambala 41 wagwa pa kona, wamenya chitsulo!"

Sindinathe kudzuka, gulu linali likubwera kale. Mlendo wina wa timu yakutali anadutsa mzere poyamba, Mtali pambuyo pake, kenako gulu lonse ngati njuchi. Ambulansi inatulukira njira ina.

Mkulu wa oweruza analowa akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Mayi, lamulo mukulidziwa," anatero. "Wagwa mkati mwa makilomita atatu omaliza. Ngakhale sanafike pamzere, mumuike womaliza pa tsiku la lero, koma nthawi yake ndi ya gulu limene anali nalo."

"Ali bwanji?"

"Werengerani kaye."

Ndinawerengera. Bonasi ya pamzere ndi masekondi khumi kwa woyamba, asanu ndi limodzi kwa wachiwiri, anayi kwa wachitatu. Mtali anali wachiwiri. Pa asanu ndi awiri aja inatsala imodzi. Koma panali china. Pachithunzi cha kamera, pakati pa Mtali ndi gulu panali kampata. Kampata kotero kakakwana sekondi, gulu limapatsidwa nthawi yakeyake, ndipo Namzeze akanataya nalo limodzi. Ndinayeza kuyambira tayala lakumbuyo la Mtali kufika tayala lakutsogolo la womutsatira. Sikanakwane sekondi. Ndinayezanso. Chimodzimodzi.

Foni ya mkuluyo inalira. Anamvetsera, kenako anakhala pansi pa bokosi la zingwe.

"Watisiya pa njira," anatero.

Panja nyimbo zinali zikulirabe, chifukwa panalibe amene anali atawauza a zimkuzamawu.

Ndiye kompyuta inalira kuti *pii*, mmene imalirira njinga ikadutsa mzere. Onse anali atafika kalekale. Ndinayang'ana pagalasi: nambala 41. Tsitsi linandiyimirira.

Ndinasuzumira pawindo. Anali amalume ake a Namzeze, makaniko wa timu yake, bambo wachikulire wa ovolosi yamafuta. Anakatenga njingayo pa kona paja, ndipo ankaikankha pang'onopang'ono, tayala lopindika likukhula. Kachipangizo kotumiza nambala kanali kakadali pa njingayo. Sanayang'ane aliyense. Anapitirira nayo.

Nthawi imene kompyuta inalembayo ndinayenera kuifufuta, popeza sinali yoona. Chala changa chinakhala pamwamba pa batani nthawi yaitali ndisanadine.

Mtali anabwera pakhomo atavala nsapato zake zothamangira, zikugogoda pansi. Anali atamva kale.

"Mayi, ndiuzeni zoona. Ndapambana?"

"Ayi, mwanangu. Wakuposa ndi sekondi imodzi."

Anatulutsa mpweya ngati munthu amene watula katundu. "Mwayeza bwino? Musandimvere chisoni, komanso iyeyo musamumvere chisoni."

Ndinamuonetsa chithunzi chija. Anachiyang'anitsitsa.

"Ndinamumva akugwa," anatero. "Anali kumbuyo kwanga kwenikweni. Sindinacheuke. Ndinangoganiza za masekondi khumi aja."

"Pali nkhani inanso," ndinatero. "Malaya ena aja, a wopeza mapointi ambiri. Namzeze anali patsogolo pako ndi khumi ndi awiri. Wachiwiri amalandira makumi awiri, womaliza salandira kanthu. Ndi ako."

"Sindiwafuna."

"Sindingasinthe."

Mwambo wopereka mphoto sunachitike. Mkulu uja anasainira zotsatira, ine ndinakazimata pa bolodi, dzina la malemu lili pamwamba. Anthu ankawerenga n'kuchoka. Malaya achikasu tinawapinda n'kuwapereka kwa amalume aja. Anawalandira ndi manja awiri, kenako anafunsa ngati tili ndi pepala lowakulungira, kuti asawadetse ndi mafuta.

Mtali anathamangabe zaka zina, ndipo anapambana mipikisano ingapo. Tikakumana amandipatsa moni mwaulemu, koma m'kachipinda kanga sanalowemonso. Ine ndikugwirabe ntchito yomweyi. Wothamanga womaliza akadutsa, anzanga amayamba kukulunga zingwe. Kompyuta ndimaizimitsa ndekha, ndipo ndimachita changu isanalirenso.