Basela wa Nyenyezi Zisanu

Ine ndine telala, ndimasoka zikwama za ana a sukulu, ndipo mtima wanga ndi wapachala. Ndaneneratu kuti musadabwe m'tsogolomu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinali ndi kashopu m'mbali mwa msewu. Atakuza msewuwo kashopuko kanapita, ndipo makina ndinawabweza kunyumba, m'kachipinda komwe kale tinkasungamo njinga yakutha. Kuyambira pamenepo shopu yanga ndi tsamba la pa msika wa pa intaneti. Lendi, chakudya, mankhwala a shuga a bambo akunyumba, zonse zimachokera pa katsamba kameneko. Kakangotsekedwa, ife tagwira njakata.

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi ndemanga. Pa msika umenewu wogula sagwira katundu, sakoka msoko kuti aone ngati uli wolimba. Amangowerenga zimene anzake analemba, n'kuona nyenyezi zimene anapereka, imodzi mpaka zisanu. Ine miyezi isanu ndi iwiri yathunthu, ndemanga zisanu ndi zinayi zokha! Anthu ankagula, n'kulandira katundu, kenako zii. Pomwe ena ogulitsa zikwama zong'ambika ndi mphepo ali nazo mazanamazana.

Ndiye ndinaganiza za basela. Kukashopu kuja munthu akagula zikwama ziwiri ndinkamuponyera kachikwama ka mapensulo, kosokedwa ndi nsalu zotsala, ndipo ankachoka mano ali mbee. Ndinapita kwa osindikiza, anandipangira timakhadi tokongola ta golide m'mbali. Mawu ake ndinapeka ndekha: "Tipatseni nyenyezi zisanu, titumizireni chithunzi cha ndemanga yanu, ndipo tidzakupatsani kachikwama ka mapensulo kaulere."

Bambo akunyumba, amene amandithandiza kumata maphukusi, anatembenuza kakhadiko uku ndi uku.

"Koma mayi, eni ake msika zimenezi amalola?"

"Inu bambo, gwirani selotepi. Mwagulitsapo chiyani inu chibadwire?"

Anatenga selotepi. Lachiwiri tinatumiza maphukusi anayi, lililonse ndi kakhadi kake. Lachitatu, sukulu zili pafupi kutsegulira, tinali ndi maphukusi makumi atatu ndi limodzi. Tinawanyamula m'matumba awiri aakulu kupita kumalo otumizira katundu, komwe lole imanyamuka 12 koloko masana.

Mzere unali wautali, m'holomo muli fungo la makatoni ndi utsi wa galimoto. Titafika pasikelo, kalaliki anakankha phukusi limodzi n'kunena kuti silinamatidwe bwino. Ndinayang'ana bambo ndi diso lija amalidziwa. Pomwe ndinkalikonza, kakhadi kanasololoka n'kugwera pa phazi la mayi amene anali pambuyo panga, mayi wonenepa wonunkhira ndimu, atakumbatira katoni ya sopo wopanga yekha. Anakatola, ndipo m'malo mondipatsa anayamba kukawerenga.

"Achemwali, kameneka kali m'maphukusi onsewa?"

"Kali momwemo. Nanga kakukhudzani pati?"

"Musatumize."

Ndinamuuza kuti aliyense asamale mphika wake, kuti ine ndinayamba malonda iye akadali pamsana pa mayi ake, ndiponso kuti basela si kuba. Anthu pamzere anayamba kutembenuka. Mayi a sopo aja sanabweze moto. Anaika katoni yawo pansi, n'kutulutsa foni.

"Kalipani, koma werengani kaye apa. Ine chaka chatha ndinalonjeza kasopo kakang'ono kwa aliyense wondilembera zabwino. Wogula wina, mwaulemu wake, analemba m'ndemanga momwemo kuti zikomo chifukwa cha kasopo kaulere. Anandifufutira ndemanga zonse zokayikitsa, tsamba n'kulitseka miyezi iwiri. Ndinagulitsa firiji, achemwali."

Pafonipo panali malamulo a ogulitsa, aja ndinangodina kuti ndavomera osawerenga n'komwe mzere umodzi. Zinalembedwa poyera. Osapereka mphatso, ndalama kapena kutsitsa mtengo posinthana ndi ndemanga. Osapempha kuti ikhale yabwino. Osasankha okondwa okha n'kusiya odandaula. Osauza achibale kuti alembe. Wophwanya, ndemanga zake zichotsedwa ndipo tsamba likhoza kutsekedwa.

Ndinawabwezera foni yawo.

"Nanga munthu upemphe bwanji?" Mawu anga anatuluka aang'ono, moti ndinadzimvera chisoni.

"Kupempha saletsa. Katundu akafika, pa oda iliyonse pamabwera batani lopemphera ndemanga. Mumadina kamodzi, basi, osamutopetsa munthu. Mukafuna kakhadi, pa msika wathuwu amalola, bola kangonena kuti zikomo pogula, ngati muli ndi mpata lembani mmene mwachionera chikwamachi. Nyenyezi osazitchula. Mphatso osaitchula. Basela wanu ndi wabwino pamanja, koma mukammangirira ku nyenyezi wasanduka chiphuphu."

Wotchi ya pakhoma inkati 11 koloko yadutsa ndi mphindi khumi. Ana a eni ake ankadikira zikwama zimenezi, ndipo kutumiza mochedwa nakonso kumadetsa mbiri ya tsamba. Ndinagwada pasimenti pomwepo, ine mayi wamkulu, n'kuyamba kung'amba maphukusi. Bambo anabwereka lumo kwa kalaliki. Mayi a sopo anataya malo awo pamzere n'kukhala pa katoni yawo: ine kutsegula, iwo kusolola kakhadi, bambo kumata. Thukuta linali kamukamu. Selotepi yathu inatha pa phukusi la makumi awiri, ndipo kalaliki uja, amene poyamba ndinamuyesa wamwano, anatiponyera yake. Phukusi lomaliza linakwera lole injini ikulira kale.

Ndinapuma mpweya waukulu. Koma bambo, akupukuta magalasi awo ndi malaya, anayankhula motsitsa.

"Mayi, nanga anayi adzulo aja?"

Mayo ine! Anayi aja anali kale m'njira, mwina enanso atafika. Munthu mmodzi yekha kungojambula kakhadi kaja n'kukatumiza kwa eni msika, kapena kundithokoza poyera ngati muja anathokozedwera mayi a sopo, basi kwanga kwatha.

"Tingokhala chete," ndinatero. "Mwina sawerenga n'komwe."

"Inenso ndinakhala chete," anatero mayi a sopo akunyamula katoni yawo. "Mwini wake ndinu. Koma ndikanakhala ine, ndikanayamba ndine kunena asananene wina. Sindikulonjezani kuti akumverani chisoni, zimenezo sindidziwa."

Titafika kunyumba sindinavule n'komwe nsapato. Ndinakhala pampando wa makina n'kulembera ogula anayi aja, kudzera m'bokosi la mauthenga la pamsika pomwepo, osati pa nambala zawo. Ndinafufuta kasanu. Poyamba ndinkadziikira kumbuyo, kenako ndinkalira ngati wopempha. Pomaliza zinatsala izi: "Zikomo pogula chikwama. M'phukusi mwanu muli kakhadi kolonjeza mphatso mukapereka nyenyezi zisanu. Ndinalakwitsa, malamulo a msika uno salola, ndipo lonjezolo ndalichotsa. Pepani kwambiri. Chikwama chikakhala ndi vuto ndiuzeni, ndikonza."

Kenako ndinalembera a ofesi yothandiza ogulitsa. Ndinatchula manambala a maoda anayi aja, ndinatumiza chithunzi cha kakhadi, ndinati makhadi ena onse ndawachotsa ndipo sindidzabwerezanso. Nditafika pa batani lotumizira ndinaima. Bambo anaima pakhomo la kachipindako.

"Tumizani, mayi. Ine ndili pompano."

Masiku atatu otsatira ndinali munthu woipa kukhala naye. Ndinasoka lamba wa chikwama chagada kawiri konse. Ndinakalipira ketulo, ndinakalipira mphaka wa aneba. Foni ikangolira ndinkaithamangira. Mmodzi mwa anayi aja anayankha kuti palibe vuto. Wina anangolemba kuti, "Ndiye kachikwama kaja kapita?" Ndinayankha kuti eya, pepani. Awiri enawo sanayankhe, ndipo chete wawoyo ndiye ankandiwawa koposa.

Loweruka m'mawa, ndikudula nsalu, uthenga wa ofesi unafika. Ndinalephera kuutsegula. Ndinapatsa bambo foni kuti awerenge ndiwo, ndipo iwo, mmene alili, anayamba ndi kufunafuna magalasi.

"Bambo inu, mundipha!"

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Akuti alandira zimene ndinanena. Akuti ili ndi chenjezo, ndipo lilembedwa pa mbiri yanga. Ndemanga iliyonse yochokera pa maoda anayi aja siidzaonetsedwa. Ndikadzabwereza, adzatseka. Koma pakali pano tsamba lipitirire kugwira ntchito.

"Bwerezani pomalizapo."

"Lipitirire kugwira ntchito."

Ndinakhala pansi penipeni, pakati pa zidutswa za nsalu, sizasi ili m'manja, n'kulira. Sindichita manyazi kunena. Mtima unakhala pansi moti ndinamva njala koyamba chiyambire Lachitatu.

Maphukusi makumi atatu ndi limodzi aja atafika kwa eni ake, ndinatsegula maoda n'kuyamba kudina batani lopemphera ndemanga, mmodzimmodzi. Pa nambala 17 chala chinaima. Ameneyu anali bambo wina amene anandilembera kawiri konse kudandaula kuti phukusi lafika lomatidwa ngati lachita ngozi. Ndinafuna kumudumpha, ndisaname. Koma lamulo likuti osasankha, ndipo ine za chenjezo lachiwiri ayi. Ndinatseka maso n'kudina.

Mwa anthu onsewo analemba asanu ndi mmodzi, ndipo woyamba anali yemweyo wa nambala 17. Nyenyezi zitatu. "Msoko ndi wolimba, mwana wanga amachikoka pansi koma sichinang'ambike. Zipi ndi youma, imafuna mphamvu. Kamatidwe ka phukusi n'komvetsa chisoni."

Bambo anasuzumira paphewa panga.

"Zitatu zokha? Mayi, musapse mtima."

Ndinawerenga kachiwiri, kenako kachitatu. Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, koma sunabwere. Munthu ameneyu sindinamupatse kanthu, sindinamulonjeze kanthu, ndipo wanena poyera kuti msoko wanga ndi wolimba. Palibe wa ofesi amene angabwere kudzazifufuta.

"Zitatu, koma ndi zangazanga," ndinatero. Ndinatenga chikwama chimodzi pamulu n'kukoka zipi. Inakana. Ndinakokanso ndi mphamvu, inasuntha monyinyirika. "Komanso mkuluyu sakunama. Bambo, valani nsapato, tikasinthe mazipi awa asanatseke kusitolo."