Denga la Nkhokwe ya a Filomena

Kumudzi kwathu, kufupi ndi Mkaika, kunali mayi wina wamasiye, a Filomena, amene pakamwa pawo sipankatera ntchentche. Anali ndi akamwini awiri pakhomo: Bernard, mwamuna wa mwana wawo wamkulu Perpetua, ndi Sylvester, mwamuna wa mwana wawo wamng'ono Emelia. Chaka china anakolola chimanga chodzaza nkhokwe, koma denga lake linali litadyeka ndi chiswe mpaka kugwera m'kati.

Paja mpongozi sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Ndiye a Filomena ankaima pabwalo n'kumauza mphepo. "Nkhokwe ili pamtunda, amuna alipo awiri, koma ndevu zokha." Bernard ankati akunena Sylvester. Sylvester ankati akunena Bernard. Onse ankangosuta fodya wawo mumtendere.

Mng'ono wa a Filomena, a Ottilia, anatopa nazo. "Achemwali, mphepo ilibe manja. Sankhani mmodzi, mutume mkazi wake akamuuze chochita, tsiku lomalizira, ndi mmene mukufunira kuti chioneke. Mukatero mutseke pakamwa."

A Filomena anamva, ngakhale monyinyirika. Anatuma Perpetua kwa Bernard: denga ndi ntchito yake, likhale pankhokwe tsiku la ufulu lisanafike, lofolera bwino loti munthu akasuzumira m'kati asaone kuwala. Bernard anabweza mawu aulemu. Anati wamva, ndipo Lamlungu potuluka m'tchalitchi Perpetua adzawauze pomwe ntchito yafika ndi chimene chikusowa.

Mwamunayo anaigwiradi. Anadula phaso kuphiri, anasenda luzi n'kuliviika, n'kuyamba kumanga dengalo pansi, pafupi ndi nkhokwe, kuti likatha aitane anzake alikweze. Udzu anali atapangana kale ndi malume ake a ku Sinda, oti abwera nawo pangolo.

Koma Lamlungu linawatalikira a Filomena. Mtima unkawayabwa. M'mawa ankadutsa pamenepo akutsokomola chifuwa chomwe analibe. Masana ankatuma Perpetua kukafunsa ngati luzi lakwana. Madzulo ankamutumanso kukafunsa ngati luzi lija lakwanadi. Kenaka anabwerera kwa mnzawo wakale, mphepo: "Akamwini a eni ake denga amamanga tsiku limodzi." Bernard ankangoweramitsa mutu n'kumapitiriza kumanga.

Choipitsitsa a Filomena anachichita Lachisanu. Poona kuti udzu sukuoneka, sanafunse. Ananong'oneza Emelia kuti auze Sylvester akamwete udzu, "poti enawa sitingawadalire." Nzerutu zimenezo, za munthu wofuna kuwotcha mbewa ziwiri pamoto wa mapesi.

Bernard ataona Sylvester akutula mitolo pambali pa denga lake, anamfunsa wamtuma ndani. Atamva, sanakangane ndi munthu. Anapukuta manja, nauza mkazi wake kuti, "Amayi ntchito aipereka kwa wina. Ine ndisalowerere." Anatumiza mawu ku Sinda kuti ngolo isabwere, iye n'kupita kukakonza munda wake. Naye Sylvester anati anamtuma udzu basi, za denga sakuzidziwa, ndipo kugwira ntchito ya mnzake n'kumunyoza.

Lamlungu lija Perpetua analibe choti anene, ndipo a Filomena, pochita manyazi ndi zomwe anachita, sanafunse. Tsiku la ufulu linafika, ana a sukulu anaguba ku Katete, denga lili gone pansi ngati dengu losiyidwa, mbuzi zikudya udzu wa Sylvester.

Mvula sinadikire kuti apabanja amvane. Inabwera yamphamvu, n'kusanduka mvumbi wosakata. Anayesa kuphimba ndi mphasa ndi zikopa, koma madzi analowa mpaka pansi. Pamene dzuwa linkabwerera, chimanga chapamwamba chinali chitamera, chapansi chikununkha. A Filomena analira, ndipo kulira kwake kunali koona, chifukwa m'nkhokwemo munali chakudya chawo cha chaka chonse. Anafuna woti amuloze chala, koma aliyense anali ndi yankho lake, ndipo mayankho onse ankathera pa iwo.

Mu Januwale njala italuma, ananyamula khasu kukapempha ganyu wolipidwa chimanga. Kumene chinali chochuluka kunali kwa asewele awo, amayi ake a Bernard. Asewelewo anawalandira mwaulemu wonse, n'kuwatengera kumunda.

"Asewele, ndime yanu ndi iyi, kuyambira pachulu kukafika pamtengo wa mpoza. Ithe dzuwa lisanapendeke, udzu usatsale m'mizere. Ndibwera mukamaliza, lichero lanu mukalipeza kunyumba."

Atatero anatembenuka n'kumapita, osacheuka ngakhale kamodzi. A Filomena anatsala okha m'munda wa eni, ndipo anawerama n'kuyamba kupalira.