Foni ya a Mclean

A Mclean atasiya ntchito pa holoselo yathu ku Chipyela, abwana anandipatsa foni ya kuntchito ndi kasitomala wathu wamkulu, Mayi Vera a loji ya ku Yofu.

"Ukawauze pamaso kuti Mclean wachoka. Akatithawa, nawenso ntchito yatha."

Koma ine manyazi. Milungu itatu ndinkangoyankha mameseji awo ngati ndine a Mclean.

Tsiku lina Mayi Vera anangotulukira pa holoselo akuimba nambala ija, foni n'kulira m'thumba mwanga.

"Kodi Mclean wayamba kuvala siketi?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndinadziwa kale, mwana iwe. Waulesi uja sanabweretsepo katundu pa tsiku lake. Koma ine sindigula kwa mzukwa. Dzina lako?"

"Tinyade."

"Lemba oda, Tinyade. Ndipo uzindiimbira, ndizimva mawu ako."