Lendi ya Malemu Husseni

Latif anaperekeza maliro a Che Husseni kumanda mtima uli pa makatani oti adzaike m'nyumba imene malemuwo ankakhala. Malemuwo, munthu wothawa nkhondo ku Mozambique, ankachita lendi nyumba ya malata ya bambo ake a Latif, a Sulemani, ku Mpondasi. Ndiyo nyumba imene Latif analonjeza Nasra, bwenzi lake, amene ananenetsa kuti sangakwatiwire m'chipinda choyandikana ndi apongozi.

Kwa Latif nkhani inali yachidule: wolipira wafa, otsala anyamule mphasa. Otsalawo anali mayi Ajira, mkazi wa malemu, ndi Che Bakali, mng'ono wa malemu, wa ana asanu ndi njinga yopanda unyolo.

Latif anathamangira kukhoti kuti amve tsiku lowatulutsa. Kalaliki anamuuza kuti lendi siikwiriridwa pamodzi ndi mwini wake: imagwera woyang'anira chuma cha masiye, ndipo poti ankalipira pamwezi, mwini nyumba ayenera kupereka notisi ya mwezi wathunthu. Che Bakali ndiwo anali woyang'anirayo, ngakhale chumacho chinali wailesi ndi ketulo, ndipo lendi ankalipira osaphonya.

Mwezi si kanthu, anadzitonthoza Latif. Koma shehe anakumbutsa a Sulemani kuti wamasiye amagonera eda, nthawi yobindikira ya Chisilamu, m'nyumba ya mwamuna wake, miyezi inayi ndi kamchira, ndipo womusamutsa adzayankha kwa Mulungu. A Sulemani anagwedeza mutu mwaulemu. Latif anaonda. Nasra anayamba kuyankha moni wa woperekera zakudya wina wa kuhotela ya ku Makokola.

Eda itatha, a Sulemani, amenenso mkazi wawo anamwalira kalekale, anati notisi si ya ana, akapereka okha. Anavala kanzu yoyera, nadzola mafuta onunkhira. Anabwerako atakhuta, notisi ili m'thumba. Ulendo wachiwiri ananyamula chambo, ati munthu suthamangitsa anzako chimanjamanja. Wachitatu anakakhoma denga.

"Baba, nyumba timatulutsamo anthu, inu mukuikonzeranji?"

"Mwananga, mayi aja avutika. Komanso tiyi amamudziwa."

Nikahi, ukwati wa Chisilamu wa a Sulemani ndi mayi Ajira, inachitika mvula isanagwe. Mayi Ajira anakana kusamuka, ati kwawo mwamuna ndiye amatsata mkazi. Motero a Sulemani ananyamula sutikesi kukakhala mkamwini m'nyumba yawoyawo.

Latif anadumpha ndi chimwemwe: nyumba yaikulu ya bambo ake yatsala yake! Anakauza Nasra kuti ayeze mawindo.

Koma akwati atsopano safuna phokoso, ndipo tsopano a Sulemani anapereka notisi ija, ya mwezi wathunthu, mwalamulo. Che Bakali anailandira ndi manja awiri, nafunsa kuti mlamu wa mkwatibwi amapita kuti. A Sulemani analoza kunyumba yaikulu, nati akakhalemo mwaulere.

Nasra atafika ndi chingwe choyezera, anapeza ana asanu akudumpha pabedi, Che Bakali akuumika matewera pawindo.

"Alamu, lowani," anatero Che Bakali. "Malo alipo, tithithikana."

Nasra anapinda chingwe chake, nafunsa nthawi ya basi ya ku Makokola.