Makadi Awiri a Azakhali Emily

Pamene Clement anaitanidwa kuti akaphunzire umakaniko ku kampani ya shuga ku Dwangwa, n'kuti atagwira ntchito zaka zambiri pa chigayo cha a Mustafa ku Golomoti. A Mustafa anamutola atangosiya sukulu, namuphunzitsa kuliza injini ndi kusintha malamba. Tsono kuwasiya kunkamuchititsa manyazi, kukhalanso mtima sunkalola. Munthu anayamba kuonda.

Lamulungu lina, atatuluka Misa ku Mua, anapalasa njinga mpaka ku Mtakataka kwa azakhali ake, a Emily. Iwowa anali telala, ndipo ankasunga makadi a zithunzi otchedwa taroti, amene anapatsidwa ndi dona wina yemwe ankamugwirira ntchito ku Bulawayo.

Atamva nkhaniyo, anatulutsa makadi aja.

"Azakhali, si zamaula izi? Ine ndalandira Ukaristia lero lomwe."

"Makadi sakusankhira, mwanawe. Amangoonetsa nkhope ya njira iliyonse. Wosankha ndiwe."

Anamuuza kuti awasakanize uku akulingalira funso lake, kenako asolole awiri osawaona. Loyamba a Emily analiika kumanzere. "Ili ndi la kukhala." Lachiwiri kumanja. "Ili ndi la kupita."

Anavundukula lakumanzere. Panali munthu wokhala pansi, atakumbatira ndalama yaikulu pachifuwa, ina ili pamutu, ziwiri ataziponda.

"Uyu sagona ndi njala," anatero a Emily. "Koma taona manja ake. Angalandirenso china?"

Lakumanja linali ndi mmisiri atawerama pa benchi, akugogoda ndi nyundo, zimene wamaliza atazikoleka pamtengo.

"Uyu akuphunzira. Msana umuwawa, ndipo mpumulo uli kutali. Sindikukulonjeza chuma ayi. Ndikuona ntchito basi."

Clement anayang'anitsitsa wokumbatira uja. Anazindikira kuti chinkamumanga si ulemu wokha kwa a Mustafa. Analinso ndi mantha okakhala wophunzira pakati pa anthu osawadziwa.

M'mawa mwake anadikira kuti amayi ogayitsa achepe, nazimitsa injini.

"Bwana, andiitana ku Dwangwa. Ndikufuna ndipite."

A Mustafa anasasa ufa pa malaya awo, osafulumira.

"Alhamdulillah, Mulungu atamandike. Ndimati ukalamba ndi ufa m'tsitsi ngati ine. Mawuwo ndinawamva kale kumsika, koma ndimadikira atuluke pakamwa pako."

Analowa m'kachipinda ka zitsulo nabwera ndi masipanala awo okulunga m'chiguduli, aja sankabwereka munthu.

"Tenga. Ungondiphunzitsira kaye Mussa, mphwanga, asandiphere injini."

Clement anagwada, nalandira ndi manja awiri. Anafuna kuthokoza bwino, koma anangoti, "Zikomo, bambo." Anali asanawatchulepo choncho.

Anakhala mpaka mwezi unatha akuphunzitsa Mussa. Ku Dwangwa ntchito inali yowawadi, miyezi yoyamba ankangotsuka zitsulo m'dizilo. Koma anamaliza maphunzirowo, nakhala makaniko wa mathirakitala. Akabwera kutchuthi ankatsika basi pa Golomoti, n'kuyamba wamvetsera kulira kwa injini ya a Mustafa asanapite kwawo.