Mpata Wachitatu wa Tabeth Chulu

Zotsatira za mayeso a uzamba zinafika ku Mnkhanya mu Ogasiti 1969, pa Landirova yomwe inkabweretsa mankhwala pa kiliniki. Tabeth Chulu, namwino wa pamenepo, anaziwerenga ali chiimire pakhonde, nalowa kukamaliza kubaya ana katemera. Anali atalepheranso.

Ulendo woyamba anagwa pa mayeso olemba ndi apakamwa omwe. Ulendo uno olembawo anakhoza bwino, koma apakamwa anamugwetsa. Woyesa anamupatsa chidole ndi mafupa a m'chiuno, namuuza m'Chingerezi kuti asonyeze mmene angachiritsire mayi amene mwana wake watsogoza matako. Manja ake ankaidziwa ntchitoyo, koma mawu anauma kukhosi mpaka belu linalira.

Mwamuna wake Silas, amene ankalondera nyama cha ku Mfuwe, sanamudzudzule. Atamva kuti mayeso ena ali mu Disembala, anatenga malipiro ake a mwezi umenewo nati alembetse msanga anthu asanayambe kulankhula. Tabeth anasaina, ndalama zinapita ku Chipata ndi dalaivala wa Landirova ija. Onse awiri ankadziwa kuti Tabeth ali ndi pakati, ndiponso kuti masiku ake adzakwana mu Disembala momwemo, koma nkhaniyo ankangoilambalala.

Patapita sabata kunabwera Sisita Nalishebo, mayi Wachilozi amene boma linamutumiza kuyang'anira makiliniki a m'chigwa. Chinyanja chake chinali cholemera pa lilime, koma maso ake anali akuthwa. Atalonjerana naye, anayang'ana lamba wa yunifolomu ya Tabeth, amene tsopano ankamangidwa pa bowo lomaliza.

"Amai Chulu, Disembala mudzalowa m'chipinda chiti, cha mayeso kapena chochirira?"

Tabeth anaseka mwamanyazi nati adzalimba mtima. Nalishebo sanaseke nawo. Anamukhazika pa benchi namufotokozera malamulo mmodzimmodzi. Munthu amaloledwa kuyesa katatu kokha, ndipo Tabeth anatsala ndi mpata umodzi. Akangolowa m'chipinda cha mayeso, mpatawo wawerengedwa, ngakhale atuluke pakati chifukwa cha ululu. Akapanda kufika osanena, ndalama zapita. Koma akatumiza kalata ya dokotala kulembetsa kusanatsekedwe kumapeto kwa Okutobala, dzina lake ndi ndalama zake zidzasamutsidwira ku mayeso a mu Juni, osalipiranso.

Tabeth anafunsa ngati sangadikire kufikira mwana atayamba kuyenda. Nalishebo anapukusa mutu. Mayeso olemba amene anakhoza aja amasungidwa chaka chimodzi basi. Juni akadutsa, adzayenera kulemba zonse mwatsopano. Ndiponso wolowa mayeso kachitatu ankafunika kubwerera kusukulu ya azamba miyezi itatu mayeso asanafike.

Apa ndi pamene nkhani inavuta. Sukuluyo inali pa chipatala cha mishoni kumtunda, kufupi ndi Chipata. Kuti akhale atakwanitsa miyezi itatu pofika Juni, anayenera kuyamba mu Malichi. Koma mu Malichi msewu wa m'chigwa umakhala dothi lakuda lomata, mitsinje itadzaza, ndipo galimoto siliyenda kufikira Epulo atatha.

"Ndiye kuti muchoke mvula isanagwe," anatero Nalishebo. "Mukachirire komweko. Tchuthi chanu ndikonza ine, ndipo pano nditumiza wina."

Madzulo ake Tabeth anauza Silas. Mwamunayo anakhala nthawi yaitali akupukuta nsapato zake zantchito. Kenako anati mwana woyamba sabadwira kwa alendo, ndipo dzinja lonse munthu wokwatira sangakhale ngati mbeta. Anawonjeza kuti ndalama analipira kale, bwanji osangoyesa mwayi.

"A Chulu, mwayi ndayesa kawiri," anayankha Tabeth. "Wotsalawu sindiuponya ngati mbedza. Ndikalephera, azimayi a kuno adzapitiriza kunyamulidwa pa machira kukafuna mzamba."

M'mawa mwake Silas anapalasa njinga kupita kwa apongozi ake, amai Ennie, ndipo Tabeth anaganiza kuti wapita kukamunenera. Anabwerako masana ndi mtolo wa nsomba zouma, nati amai avomera kupita ndi Tabeth kumtunda kukalera mwana, koma munda wawo wa mapira aulime Silasyo. Silas anali atavomera.

Kalata ya dokotala inapita mu Seputembala, yankho linabwera lakuti dzina lasamutsidwa. Mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana ndipo kutentha kukulepheretsa anthu tulo, Tabeth ndi mayi ake anakwera lole yomaliza ya thonje. Mvula yoyamba inawapeza akukwera mapiri.

Mwana anabadwa Disembala ali pakati, wamwamuna, sabata yomweyo imene anzake ankalowa mayeso. Tabeth ali gone anamva nsapato zawo zikudutsa pakhonde. Uthenga anautumiza pa wailesi ya apolisi, ndipo Silas anabweza dzina: Onesmus.

Januwale ndi Febuluwale zinali zowawa. Ankakhala m'kachipinda kuseri kwa khitchini ya chipatala, ndalama zili zochepa, amai Ennie akudandaula tsiku lililonse za kuzizira kwa kumtunda ndi nsomba zopanda kukoma. Koma Tabeth anapeza njira yake yophunzirira. Chilichonse chimene ankachita ankachinena mokweza m'Chingerezi, kaya akusambitsa mwana, kaya akuchapa matewera. Amai Ennie, osamva liwu n'limodzi lomwe, anasanduka woyesa wake. Ankakhala pa mpando nkhope itakwinyika, Tabeth akangodukiza amamenya pansi ndi chidendene nati, "Pitiriza, wayimiranji?"

Mu Malichi Tabeth anayamba ntchito m'chipinda chochirira. Anapempha mphunzitsi wa azamba kuti azimufunsa mafunso pamaso pa ophunzira ang'onoang'ono, amene poyamba ankamuseka. Pofika Meyi, iwowo ndiwo ankamutsatira kuti awafotokozere.

Tsiku la mayeso Onesmus anayamwa mpaka kugona, amai Ennie anamubereka nakhala naye pansi pa mtengo wa mango. Woyesa anali mayi wamagalasi wochokera ku Lusaka. Anafunsa zimene mzamba angachite mayi akayamba kutaya magazi ambiri atangochira, dokotala ali kutali. Ulendo uno mawu a Tabeth anabwera. Ananena za kusisita chiberekero kuti chilimbe, kuchotsa mkodzo, kubaya jakisoni, kuona ngati nsengwa yatuluka yonse, ndi kuitanitsa thandizo. Woyesayo anamufunsa kuti thandizolo aliitanitsa bwanji kumene amagwira ntchito. Tabeth anafotokoza za njinga, za wailesi ya alonda a nyama, ndi za mitsinje ya dzinja. Belu linalira iye akulankhulabe.

Anabwerera ku Mnkhanya osadziwa zotsatira. Mu Ogasiti Nalishebo anabwera yekha, natsika m'galimoto asanazimitse injini. Pakhonde panali azimayi a sikelo odzaza mabenchi. Iye anagwira Tabeth dzanja nalikweza m'mwamba.

"Azimayi, kuyambira lero muli ndi mzamba wanu wa setifiketi."

Nthungululu zinamveka mpaka kusukulu, ana anatuluka m'makalasi kudzaona. Mayi wina wachikulire anavula chitenje nachiyala pansi kuti Tabeth apondepo, iye anakana, koma anamukankha mpaka anaponda. Silas anafika thukuta lili kamukamu, atauzidwa panjira. Anayima kumbuyo kwa khamulo chipewa chili m'manja, akufunsa aliyense ngati wamva kuti ameneyo ndi mkazi wake.